Mutu 9: Kampani Imene Ili ndi Ngongole Yanu Ikamathetsedwa

Kalata yolengeza kuti kampani ikuthetsedwa kawirikawiri imakhala ya tsamba limodzi kapena awiri, ndipo ilibe mawu otonthoza. Woilandira amathamangira kufunafuna dzina lake ndi ndalama zake, koma nthawi zambiri sazipezamo. Kalatayo imalembedwera okongoza onse pamodzi, kuyambira banki yaikulu mpaka munthu amene ankabweretsa mkaka wa tiyi ku ofesi. Choncho pamafunika wina woiwerenga m'malo mwa munthu mmodzi, n'kumuuza mwachidule zinthu ziwiri zimene zikumukhudza: tsiku limene chitseko chidzatsekedwe, ndi malo amene waima pamzere wa olandira.

M'mutu uno titsata malamulo a ku Mangalande ndi ku Welesi, chifukwa Amalawi ambiri amagwira ntchito kumeneko, ena ali ndi mabizinesi awo, ndipo amalonda a kuno kwathu amatumizako tiyi, mtedza ndi tsabola. Malamulowo ndi Insolvency Act ya 1986 pamodzi ndi ndondomeko zake za 2016. Malawi ali ndi lamulo lakelake la dzina lomwelo, la 2016, ndipo kampani ikakhala ya kuno, masiku ndi mzere wa olandira ziyenera kuwerengedwa kuchokera m'lamulo lathulo. Mafunso ofunsa ndi omwewo, koma manambala amene ali m'mutu uno musawanyamule kupita nawo ku Blantyre.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene amagula tsabola wouma kwa alimi n'kumatumiza ku kampani ina ya zokometsera ndiwo ku Leicester. Makontena awiri omaliza sanalipiridwe, ndipo ngongole yonse ikukwana £18,000. Tsiku lina walandira kalata ya Chingerezi cholimba, waijambula pa foni, n'kuitumiza kwa mwana wa mlongo wake amene amagwira ntchito ya akaunti ku Mangalande. Tiyeni tione zimene mnyamatayo ayenera kuchita asanawayankhe azakhali akewo.

Kalata yake ndi iti?

Choyamba ndi kutsimikiza kuti kampani yotchulidwayo ndi imene inagula tsabola. Izi zikumveka zachibwana, koma apa ndi pamene ambiri amaphunthwa. Makampani a gulu limodzi amakhala ndi maina ofanana ngati mapasa, kusiyana liwu limodzi lokha, ndipo n'zotheka kuti imene ikuthetsedwa ndi ina pamene imene inasaina mgwirizano idakali moyo. Dzina limasinthikanso. Chimene sichisintha ndi nambala ya kampani, ya zilembo zisanu ndi zitatu, imene imalembedwa pa kalatayo ndiponso pa mapepala oitanitsira katundu. Mnyamatayo ailembe nambalayo pa tsamba la boma la Companies House, lomwe ndi laulere kwa aliyense, aone ngati zikugwirizana. Kenako afufuze chilengezo chomwecho mu The Gazette, nyuzipepala ya boma imene yakhala ikutuluka kuyambira 1665. Chilengezo chikapezeka kumeneko, chili ndi dzina la likwideta yemweyo ndi adiresi yomweyo, kalatayo ndi yeniyeni. Wina akauza wokongoza kuti ayambe watumiza ndalama kuti dzina lake lilowe m'kaundula, ameneyo ndi kamberembere, pakuti kupereka umboni wa ngongole kulibe msonkho.

Likwideta ndi munthu wa chiphaso amene amalanda chiwongolero m'manja mwa madayirekita. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu wa kampani, kumugulitsa, ndi kugawa ndalamazo motsata lamulo. Sali loya wa mayi wathuyu, ndiponso sali mdani wake. Amatumikira okongoza onse ngati gulu.

Chachiwiri ndi kudziwa mtundu wa kathetsedwe, chifukwa ulipo utatu. Pena eni kampani amaitseka okha ndalama zilipo, madayirekita atalumbira kuti ngongole zonse zidzalipidwa ndi chiwongoladzanja chomwe pasanathe miyezi 12. Wokongoza wa kampani yotere angagone tulo. Pena eni ake amavomereza kuti kampani yalephera kulipira ngongole zake, ndipo okongoza ndi amene amakhala ndi mawu pa kusankha likwideta. Pena ndi khoti limene limalamula, monga zinachitikira kampani yaikulu ya zomangamanga ya Carillion pa 15 Januwale 2018. Kampani imeneyo inagwa ili ndi ngongole pafupifupi £7 biliyoni, m'thumba muli £29 miliyoni yokha, ndipo amalonda pafupifupi 30,000 amene ankaipatsa katundu ndi ntchito anatsala manja ali m'khosi. Mitundu iwiri yomalizayi ikutanthauza chinthu chimodzi kwa wokongoza wamba: ndalama sizikwanira onse.

Tsiku lotseka chitseko

Pa kuthetsedwa kwa kampani imodzi pamatuluka makalata angapo. Ina imangonena kuti likwideta wasankhidwa, ina imapempha okongoza kuti avote pa malipiro ake. Imene ili ndi mano ndi ya mutu wakuti "Notice of intended dividend", kutanthauza kuti likwideta wapeza ndalama ndipo akufuna kugawa. M'kalata imeneyi fufuzani mawu akuti "last date for proving". Limenelo ndilo tsiku lomaliza loperekera umboni wa ngongole.

Lamulo limati tsikuli likhale limodzi kwa okongoza onse, ndipo lisachepere masiku 21 kuchokera pa tsiku limene kalatayo yalembedwa. Onetsetsani pamenepa: kuwerenga kumayambira pa tsiku lolembedwa pa kalata, osati tsiku limene yafika m'manja mwanu. Kalata ya mayi wathu inalembedwa pa 3 Malichi, tsiku lomaliza ndi 28 Malichi, koma inafika ku bokosi lake la ku positi ku Lilongwe pa 19 Malichi. Wapatsidwa masiku 25 papepala, koma enieni amene ali nawo ndi asanu ndi anayi. Komanso umboniwo uyenera kukhala utafika kwa likwideta pofika tsikulo. Kuuponya ku positi pa 27 n'chimodzimodzi ndi kusautumiza. Kwa munthu wokhala kunja, njira yanzeru ndi imelo ya likwideta yolembedwa pa kalatayo, ndipo apemphe yankho lotsimikiza kuti zafika.

Umboniwo ndi fomu yotchedwa "proof of debt". Imafuna dzina ndi adiresi ya wokongoza, kuchuluka kwa ngongole pa tsiku limene kampani inalowa m'kuthetsedwa, momwe ngongoleyo inabwerera ndi nthawi yake, ndiponso ngati wokongozayo ali ndi chikole chilichonse. Mayiyu aphatikizepo mainivoisi, mapepala a sitima osonyeza kuti makontena anafika, ndi makalata amene kampani inavomerezamo kuti ili ndi ngongole. Chiwongoladzanja chimawerengedwa mpaka tsiku la kuthetsedwa basi. Ngati malonda anali m'madola, likwideta amawasintha kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku lomwelo, ndipo zimene dola yachita pambuyo pake sizilowamo.

Tsiku lomaliza likadutsa, mawotchi ena atatu amayamba kuyenda. Likwideta ali ndi masiku 14 oti avomere kapena akane maumboni amene alandira, ndiye kuti pofika 11 Epulo. Akakana, kaya ngongole yonse kaya mbali yake, ayenera kulemba zifukwa, ndipo wokongoza ali ndi masiku 21 kuchokera pamene walandira yankholo oti akadandaule ku khoti. Ndipo gawolo liyenera kulengezedwa pasanathe miyezi iwiri kuchokera pa tsiku lomaliza lija, apa pofika 28 Meyi.

Nanga wochedwa zimamuthera bwanji? Apa m'pofunika kuwerenga liwu limodzi m'kalatamo, lonena ngati gawoli ndi lapakati kapena lomaliza. Wochedwa sangagwedeze zimene zagawidwa kale, palibe amene adzauzidwe kuti abweze. Koma ngati gawolo linali lapakati ndipo ndalama zina zikubwera, iye amayamba wapatsidwa zimene anaphonya ena asanalandire kachiwiri. Likakhala lomaliza, likwideta ali ndi ufulu wogawa ngati kuti wochedwayo kulibe, ndipo mphika ukapalidwa nkhani yathera pomwepo. Chidule chimene sichinena ngati gawo ndi lapakati kapena lomaliza chasiya theka la uthenga.

Pali kachifundo kamodzi kwa ang'onoang'ono. Ngongole ikakhala £1,000 kapena kucheperapo, likwideta angathe kuitenga ngati yotsimikizika kuchokera m'mabuku a kampani popanda fomu, n'kumudziwitsa mwini wake nambala imene wapeza. Nambalayo ikakhala yolakwika, mwini wake ayenerabe kutumiza umboni tsiku lisanakwane.

Mzere wa olandira

Anthu ambiri amaganiza kuti wofulumira kudandaula ndiye woyamba kulandira, kapena kuti ngongole yakale imaposa yatsopano. Sizili choncho. Lamulo limaika okongoza m'magulu, ndipo gulu lapamwamba limadya mpaka kukhuta lapansi lisanalawe. M'kati mwa gulu limodzi onse amagawana molingana ndi kukula kwa ngongole zawo. Kuti timvetse, tiyeni titsate ndalama za kampani ya ku Leicester ija. Manambala ake mnyamatayo angawapeze m'chikalata cha chuma ndi ngongole chimene madayirekita amasaina, ndi m'malipoti a likwideta a chaka ndi chaka, zonse zili pa Companies House.

Kampaniyo inali ndi nyumba yosungiramo katundu, imene inaikidwa chikole ku banki. Banki ikufuna £420,000. Nyumbayo itagulitsidwa ndi kuchotsapo zolipira pogulitsa, panatsala £300,000, ndipo zonsezo zapita ku banki. Chikole chotere, chomangidwa pa chinthu chodziwika chimene kampani singagulitse popanda chilolezo, sichilowa n'komwe mumphika wa onse. Banki yatsala ikufuna £120,000.

Katundu wina yense, zokometsera za m'mashelefu, galimoto, ndi ndalama zimene makasitomala anali asanalipire, wabweretsa £250,000. Pa ameneyunso banki ili ndi chikole, koma cha mtundu wina: chikole cha pa katundu wolowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku, chimene chimakhala ngati ukonde wotambasulidwa pamwamba pa malonda onse, wogwa pokhapokha zinthu zikavuta. Chikole chimenechi n'chofooka, chifukwa pali ena amene amadutsa patsogolo pake.

Oyamba ndi ogwira ntchito yothetsa kampaniyo. Malipiro a likwideta, a maloya ndi a ogulitsa katundu akwana £60,000, kutsala £190,000. Okongoza ambiri zimawawawa kuona wobwera dzulo akudya poyamba, ndipo n'koyenera kuwerenga malipirowo ndi diso lakuthwa, pakuti okongoza ali ndi ufulu wofunsa ndi kutsutsa. Komabe palibe munthu amene angavomere kusesa nyumba yogwa ngati malipiro ake ali kumapeto kwa mzere.

Achiwiri ndi antchito a kampani. Malipiro amene sanalandire m'miyezi inayi yomaliza amaikidwa patsogolo, koma mpaka £800 yokha pa munthu, kuphatikizapo ndalama za tchuthi chimene sanapite ndi zopereka zina za penshoni. Malire a £800 amenewa sanasinthe kuyambira 1986, ndipo lero ndi ndalama yosakwana n'komwe malipiro a mwezi umodzi. Zotsalazo zimatsikira pansi kwa okongoza wamba, ngakhale kuti boma lili ndi thumba lake limene limalipira antchito mbali ina ya zimene ataya. M'chitsanzo chathu gulu ili latenga £20,000, kutsala £170,000.

Achitatu ndi bungwe la misonkho la HMRC. Kuyambira pa 1 Disembala 2020, misonkho imene kampani inatolera m'malo mwa boma, monga VAT ndi msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, inakwezedwa n'kuikidwa pambuyo penipeni pa antchito. Apa ndi £70,000, kutsala £100,000.

Tsopano ndalama zotsalazi zikanapita zonse ku banki, ndipo mayi wa tsabola akanabwerera chimanjamanja. Koma lamulo limapatula kagawo ka okongoza opanda chikole banki isanatenge. Kawerengedwe kake ndi aka: theka la £10,000 yoyamba, kuphatikiza 20 pa 100 iliyonse ya zotsalazo, osapitirira £800,000 ngati chikolecho chinapangidwa kuyambira 6 Epulo 2020, kapena £600,000 ngati ndi chakale kuposa apo. Theka la £10,000 ndi £5,000. Pa £90,000 yotsala, 20 pa 100 ndi £18,000. Kagawoko ndi £23,000. Banki yatenga £77,000, ndipo ngakhale ikadali ndi £43,000 yosalipidwa, siloledwa kupisanso dzanja m'kagawo kopatulidwako.

Okongoza wamba onse pamodzi, ogulitsa katundu, eni malole, kampani ya magetsi, ndi mayi wathu, akufuna £460,000. Akugawana £23,000. Ndiye kuti mapeni 5 pa paundi iliyonse, ndipo pa £18,000 mayiyu alandira £900.

Kukwezedwa kwa misonkho kuja kunamudyera ndithu. Kampaniyi ikanagwa chaka cha 2019, HMRC ikanaima naye pamzere umodzi, kagawo kopatulidwa kakanakhala £37,000 pa ngongole za £530,000, ndipo akanalandira pafupifupi £1,250. Boma linati ndalamazo sizinali za kampani kuyambira pachiyambi, zinali za anthu olipira msonkho, ndipo mfundoyo ili ndi mutu. Koma amene anasenza mtolowo ndi wamalonda wamng'ono, amene alibe chikole ndiponso alibe njira yodziwira kuti kasitomala wake waleka kulipira msonkho.

Pansi pa okongoza wamba pali chiwongoladzanja cha nthawi ya kuthetsedwa, chosachepera 8 pa 100 pachaka, ndipo pansi penipeni pali eni masheya. Pa kampani yolephera kulipira ngongole zake, magulu awiriwa amangomva kununkhira.

Njira ziwiri zotulukira pamzere

Asanalembe chidule, mnyamatayo afunse azakhali ake mafunso awiri, chifukwa mayankho ake angapose £900 ija kutali.

Loyamba: kodi mumgwirizano wa malonda muli mawu akuti tsabola akhalabe wa wogulitsa mpaka atalipiridwa? Ngati alimo, ndipo matumba ena adakali m'nyumba yosungiramo katundu, osapera, osasakaniza, okhala ndi zizindikiro zake, ndiye kuti si katundu wa kampani konse. Mayiyu angathe kuwaitanitsa kapena kuuza likwideta kuti awagule. Izi sizidikira tsiku la pa kalata. Zimafuna kulembera likwideta tsiku lomwelo limene mwamva za kugwa kwa kampani, katunduyo asanagulitsidwe. Tsabola akalowa m'chigayo n'kusakanizidwa ndi mchere ndi adyo, ufuluwo nthawi zambiri umathera pomwepo.

Lachiwiri: kodi nayenso ali ndi ngongole ku kampaniyo? Tinene kuti kampani inamutumizira makina osokera matumba a £3,000 amene sanalipire. Lamulo limati ngongole ziwirizo ziphane zokha, ndipo umboni wake ukhale wa £15,000. Pamenepa wapindula, pakuti £3,000 imeneyo waipeza yathunthu, paundi pa paundi, m'malo mwa mapeni asanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi wa m'chitsanzo chathu analibe zonse ziwiri: tsabola anaperedwa kale, ndipo iye analibe ngongole kumeneko.

Chidule chenicheni

Atatha zonsezi, mnyamatayo analemba motere:

"Azakhali, ndaiwerenga kalata ija ndipo ndafufuza m'kaundula wa boma. Ndi yeniyeni, ndipo ndi kampani yomwe ija munkaitumizira tsabola, nambala yake ikugwirizana ndi ya pa mapepala anu. Kampaniyo yatha, ndipo ndalama zake sizikwanira onse amene ili nawo ngongole.

"Chofunika kuchita n'chimodzi. Fomu imene ndakutumizirani iyenera kufika kwa likwideta pofika pa 28 Malichi. Tisadikire tsikulo, titumize pa imelo Lolemba likubwerali. Mundijambulire mainivoisi awiri aja, mapepala a sitima, ndi uthenga uja anakulemberani wopepesa kuti achedwa kulipira. Kugawa kumeneku ndi komaliza, tikaphonya sipadzakhalanso kwina.

"Kunena zoona, Azakhali, £18,000 ija sibwera yonse. Patsogolo panu pali banki, likwideta, antchito ndi a misonkho. Inu muli m'gulu la opanda chikole. Malinga ndi lipoti la likwideta, gulu lanu lingalandire mapeni 5 pa paundi, ndiye kuti pafupifupi £900. Nambala imeneyi ndi yongoyerekeza, ingatsike ngati pabwera okongoza ena. Adzalengeza gawolo pofika pa 28 Meyi. Akakakana ngongole yanu, mundiuze tsiku lomwelo, chifukwa tidzakhala ndi masiku 21 okha odandaulira. Musalipire munthu aliyense amene angakulonjezeni kuti akutulutsirani ndalamazi."

Onani kuti sanabise £900 ija kumapeto kapena kuikulunga m'mawu otsekemera. Mayiyu ali ndi alimi a tsabola amene akumudikira, ndipo akamayembekezera £18,000 adzawalonjeza zimene sangakwanitse, mwinanso kukatenga katapila poganiza kuti abweza mu Meyi. Onaninso kuti mnyamatayo sananene kuti £900 ndi yochepa moti asavutike nayo. Kudzaza fomu ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo pena likwideta amapeza ndalama zina, mwachitsanzo kwa dayirekita amene anasamutsa katundu kampani ili pafupi kugwa. Zoterozo zikapezeka, zimagawidwa kwa okhawo amene maumboni awo anavomerezedwa.

Owerenga amene muli ndi kasitomala kunja, dziwani kuti likwideta amatumiza makalata ku adiresi imene waipeza m'mabuku a kampani, ngakhale ikhale bokosi la ku positi limene munalisiya zaka zitatu zapitazo. Mukangomva kuti kampani yagwa, mulembereni nokha, mumupatse imelo yanu, ndipo tumizani umboni wa ngongole nthawi yomweyo. Lamulo silikuuzani kudikira kalata ya masiku 21.